Kaphikidwe ka dzungu lopota mpoto, la shuga kapena la mchere, losachita madzimadzi

Anthu ambiri akaphika dzungu nkulipota limatuluka lamadzimadzi, losukuluka, ukaika pa mbale madzi achikasu nkumayenderera mmbali, nde amayamba kuthira shuga wambirimbiri kapena mchere kuti mwina likomako koma ayi ndithu silisintha. Vuto sikuti ndi zokometsera ayi, vuto ndi madzi. Dzungu palokha ndi madzi kale, pa magawo 10 a kulemera kwake pafupifupi 9 ndi madzi okhaokha, nde mukalimiza mmadzi odzadza poto mukuwonjezera madzi pa chinthu choti chili nawo kale ochuluka, kenako potsanula madzi aja kutsekemera kwake kumapita nawo limodzi. Zonse zomwe ndilembe apazi zikuzungulira pa nkhani imodziyi, madzi ochepa pophika, kuliumitsa musanapote, zokometsera kumapeto.

Ndigwiritsa ntchito dzungu limodzi lolemera kilogalamu imodzi ndi theka ngati chitsanzo. Mukalisenda nkuchotsa zamkati limatsala pafupifupi kilogalamu imodzi, yokwana anthu 4 kapena 5 ngati pali chakudya china chodyera limodzi. Kumapeto tiligawa pawiri, theka la shuga theka la mchere, kuti muone njira zonse ziwiri pa poto mmodzi.

Kusankha dzungu

Linyamuleni kaye. Dzungu labwino limalemera kuposa mmene likuonekera, ndipo khungu lake limakhala lolimba moti mukakanikiza ndi chikhadabo sichilowa msanga. Chikalowa mosavuta nde kuti linathyoledwa lisanakhwime, limenelo limakhala ndi madzi ambiri komanso silitsekemera. Onaninso kaphesi kapamwamba paja, kazikhala kouma gwa, osati kobiriwira kapena konyowa. Pansi pomwe linagona pa dothi pasakhale pofewa, pakafewa kuwola kwayamba kale mkati olo pamwamba pakuoneka posalala, paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Maungu amasiyana mtundu. Ena mnofu wake ndi wothina, wa mtundu wa olenji wakuda bii, ukapsa umachita ngati ufa mkamwa, amenewa ndi amene amapoteka bwino, batanati alinso mgulu lomweli. Ena makamaka akuluakulu kwambiri aja mnofu wake ndi wotuwa, wa ulusiulusi, wamadzi. Amadyeka bwinobwino koma mudzafunika nthawi yotalikirapo powaumitsa, nde ngati muli ndi mwayi wosankha tengani laling'onopo lolemera kusiyana ndi chidzungu chachikulu chopepuka.

Kudula ndi kusenda

Litsukeni kunja musanalidule, chifukwa mpeni umatenga dothi la pakhungu nkulilowetsa mkati. Mpeni ukhale waukulu komanso wakuthwa, wobuntha ndi umene umatereka nkukutemani dzanja chifukwa mumachita kuukankha ndi mphamvu. Dulani kaye kachidutswa pansi kuti dzungu likhazikike pa bolodi lisamagubuduke, kenako ling'ambeni pakati, palani nthanga ndi ulusi wonse ndi supuni mpaka pasalale. Ulusi umenewo mukausiya umadzapezeka mu dzungu lopota nkumakola mmano. Nthanga musataye, mukazitsuka nkuziumitsa zimakazingika bwino, tidzazifuna kutsogoloku.

Apa lawani. Benthulani kachidutswa kakang'ono kakawisi muike pa lilime, kazimveka kozizira kapena kotsekemera pang'ono. Kakakhala kowawa kwambiri, kuwawa koti nkhope ikwinyike, lavulani ndipo dzungu lonselo tayani. Sizichitika kawirikawiri koma maungu ena amakhala ndi poizoni wachilengedwe amene amawawitsa chonchi, amatsegula mmimba ndi kusanzitsa, ndipo kuphika sikumuchotsa. Shuga amangobisa kuwawako basi, poizoniyo amakhala alipobe.

Kusenda dzungu lathunthu nkovuta, nde liduleni kaye mzigawo zazitali kenako muzisenda chigawo chimodzichimodzi chitagona pa bolodi, mpeni uzipita pansi osati kubwera kwa inu. Ngati khungu ndi lolimba zedi moti mpeni ukukana, musalimbane nalo, phikani ndi khungu lomwe zigawozo zitagona chagada kenako mudzapala mnofu ndi supuni zikapsa. Njira imeneyi ilinso ndi ubwino wake, khungu limatchinga pansi nde dzungu silimwa madzi komanso silipserera msanga.

Zosendazo duleni tizidutswa ta masentimita 3 kapena 4 mbali zonse. Chachikulu ndi choti zifanane kukula, mukasakaniza zazikulu ndi zazing'ono, zazing'ono zimasungunuka nkukhala phala pomwe zazikulu mkati zidakali gwa, nde popota mumapeza mibulu yosapsa.

Mpoto

Tengani poto wokhuthala pansi wokhala ndi chivindikiro chotseka bwino. Woonda pansi amawotcha malo amodzi, ndipo dzungu lili ndi shuga wake, shuga ameneyo akakhudza chitsulo chotentha popanda madzi amapserera nthawi yomweyo. Poto akhale wotakata kuti zidutswa zisaunjikane kwambiri, zikafika theka la poto kapena kupitirira pang'ono zili bwino.

Madzi thirani theka la kapu basi, mamililita 125, pa kilogalamu yonseyo. Aoneka ochepa kwambiri, angonyowetsa pansi mwina sentimita imodzi, ndipo mtima uzikuuzani kuti muwonjezere koma musatero. Chomwe chikuphika dzungu apa ndi nthunzi, osati madziwo. Madzi ntchito yake ndi kungoyambitsa nthunzi ndi kuteteza pansi mphindi zoyambirira, pakapita mphindi 5 kapena 6 dzungu limayamba kutulutsa madzi ake lokha ndipo mukavundukula mudzadabwa kuona kuti madzi achuluka kuposa omwe munathira.

Wazani kamchere kotsina ndi zala ziwiri, olo mukufuna la shuga. Mchere wochepa chonchi sumveka ngati mchere, umangodzutsa kukoma kwa dzungulo. Shuga yekha musathire pano, amakoka madzi kuchokera mzidutswa komanso amamata pansi pa poto.

Vindikirani, moto ukhale waukulu mpaka muone nthunzi ikutuluka mmbali mwa chivindikiro, kenako chepetsani kuti zizingobwata pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo werengani mphindi 15 mpaka 20, dzungu lothina kwambiri litha kufika 25. Osamavundukula pafupipafupi chifukwa nthawi iliyonse mukatero nthunzi imathawa nde kuphika kumabwerera mmbuyo. Pakatikati gwirani poto ndi nsalu mumugwedeze kamodzi kuti zapansi zisinthane ndi zapamwamba, mthiko usalowe kaye, mukatakasa msanga zidutswa zimaphwanyika nkukhala phala lomwe limakhazikika pansi nkuyamba kupserera zina zisanapse.

Makutu amathandiza kuposa maso apa. Poto amene ali ndi madzi amalira mofewa, kubwata kwa bwatabwata. Madzi akaphwa kulira kumasintha, kumakhala kouma, kwa tsetsetse ngati mukukazinga, mukamva chonchi thirani masupuni aakulu awiri kapena atatu a madzi otentha mmbali mwa poto nkuvindikiranso. Otentha, osati ozizira, ozizira amaimitsa kuwira.

Kudziwa kuti lapsa, sankhani chidutswa chachikulu kuposa zonse chapamwamba mubaye ndi foloko. Ilowe mpaka pakati popanda kukankha ndipo chidutswacho chiziyamba kugawika chokha. Mtundu umasinthanso, umachoka pa kuwala kuja nkukhala wakuda pang'ono ngati wonyowa, mmakona mumaoneka mofewa. Ngati pakati pakugwirabe foloko onjezerani mphindi 3 kapena 4, musanene kuti lidzamalizika popota, dzungu losapsa silipoteka olo mulimbike bwanji.

Kuumitsa, apa nde pagona nkhani

Iyi ndi sitepe yomwe anthu amaidumpha. Dzungu likapsa pendeketsani poto muone madzi otsala. Ngati ndi ochepa, masupuni atatu kapena anayi, asiyeni momwemo. Ngati ndi ambiri tsanulirani mkapu, osataya, madzi amenewo ali ndi kutsekemera kwa dzungu ndipo mutha kudzawafuna. Kenako bwezerani poto pa moto wapakati osavindikira, mphindi 3 mpaka 5, uku mukutembenuza mofatsa ndi mthiko. Nthunzi izituluka yambiri. Mudzaona zidutswa zikusiya kunyezimira, mmbali mwake zikuchita mbuu, ndipo mukakoka mthiko pansi pa poto njira yomwe wadutsa imatsala youma osadzadzanso madzi msanga. Pamenepo nde mwafika.

Dzungu lamadzi lija, lotuwa la ulusi, limafuna zambiri kuposa apa. Likhuthulireni mu sefa muisiye pa mbale mphindi 10 lidonthe lokha, musalifinye, kenako nkulibwezera mpoto. Madzi odonthawo mutha kuwawiritsa paokha mpaka atsale ochepa okhuthala nkudzawabwezeramo, kukoma kumabwerera koma madzi ayi. Ndi ntchito yowonjezera inde, koma kwa dzungu la mtundu umenewu kusiyana kwake kumamveka pa supuni yoyamba.

Musachoke pa moto nthawi imeneyi, pakati pa kuuma ndi kupserera pamangodutsa mphindi imodzi kapena ziwiri. Likagwira pansi pang'ono nkuchita kabulauni palibe vuto, kameneko kamakometsa. Koma mukamva fungo la chopserera chotsani poto msanga, musapale pansi, khuthulirani zapamwamba mpoto wina nkupitiriza. Mukapala, kuwawa kwa chopserera kumalowa monsemo ndipo palibe chokometsera chomwe chingakuchotse.

Kupota

Potani lidakali lotentha, poto atachoka pa moto. Mthiko umakwana, muzikanikiza zidutswa kumbali ya poto nkumazungulira, foloko imathanso, chophwanyira mbatata ngati muli nacho nde chachangu. Dzungu lopsa bwino silitenga mphindi ziwiri. Ine ndimakonda kusiya timibulu tofewa pang'ono kuti mkamwa muzimveka kuti ndi dzungu, koma ngati mukufuna losalala kwambiri likanikizeni ndi msana wa supuni kudutsa mu sefa, ulusi wonse umatsala pamwamba. Makina opera a blender aja amasalalitsa zedi koma amalisiya lopyapyala ngati supu, nde ngati mukuwagwiritsa ntchito onetsetsani kuti munaumitsa mokwanira ndipo musathiremo madzi ena.

Yesani chonchi, tapani supuni yodzadza muike pa mbale yaphwatalala. Likhale kamulu osaphwasuka, ndipo pakapita mphindi imodzi pasaoneke mzere wa madzi kuzungulira. Madzi akaoneka libwezereni pa moto osavindikira nkumatakasa mphindi zina 3 mpaka 5, samalani limathovoka nkumalumpha, limawotcha dzanja. Likakhala louma kwambiri, zomwe zimachitika ndi maungu aufa aja, thirani madzi munasunga mkapu aja supuni imodzi imodzi.

Pano gawani pawiri, mbale iliyonse pafupifupi magalamu 500 kuchotsako zomwe zapita ndi nthunzi.

La shuga

Yambani ndi mafuta, batala kapena majarini supuni yaikulu imodzi, asungunuke mu dzungu lotenthalo. Mafuta amanyamula fungo la zokometsera komanso amathandiza thupi kutenga vitamini A amene amachokera ku mtundu wa olenji uja, nde si ongokometsa chabe. Kenako lawani musanathire shuga, izi ndikunenetsa chifukwa maungu amasiyana kutali, lina lokhwima bwino limatsekemera lokha moti theka la supuni likukwana, lina limafuna awiri. Yambani ndi supuni yaikulu imodzi, takasani, dikirani asungunuke, lawaninso. Shuga wabulauni amagwirizana ndi dzungu kuposa woyera, ali ndi kafungo kake. Uchi umathanso koma uli ndi madzi nde umafewetsa, chepetsani mkaka mukaugwiritsa ntchito.

Mukathira shuga dzungu limafewa pang'ono olo linali louma bwino, nchifukwa chake mkaka umabwera pambuyo pa shuga osati patsogolo. Masupuni aakulu awiri a mkaka wofunda, ndipo ngati lafewa kale mokwanira usiyeni, kapena thirani wa ufa supuni imodzi, umapereka kukoma kwa mkaka popanda madzi. Sinamoni kota ya supuni yaing'ono akukwana pa theka limeneli. Anthu amakonda kumuchulutsa mpaka dzungu lichite bulauni nkumanunkhira sinamoni yekhayekha, pamenepo mwataya dzungu. Jinja wa ufa kotsina chabe amawonjezera kutentha pang'ono kukhosi. Bwezerani pa moto waung'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti zonse zilowerere, sinamoni wosatenthetsa amamveka ngati fumbi pa lilime.

Likamveka lotsekemera koma lopanda moyo, musawonjezere shuga, thirani kamchere kena kotsina, nthawi zambiri chimasowa ndi chimenecho. Ngati mukufuna kupatsako mwana wosakwana chaka mutapireni lake musanathire chilichonse, ndipo pophika paja mchere muusiye. Uchi makamaka osampatsa mwana wosakwana miyezi 12, utha kukhala ndi tizilombo tomwe mmimba mwa khanda simungalimbane nato.

La mchere

Apa dzungu ndi lotsekemera kale nde ntchito yathu ndi kulipatsa zinthu zolimbana ndi kutsekemerako. Mu pani kapena kapoto kena tenthetsani mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi ndi theka, ikani anyezi mmodzi wamng'ono wodula bwinobwino tating'ono, moto wapakati, mphindi 6 mpaka 8 mpaka afewe nkuyamba kufiira mmbali. Musathamange apa, anyezi wosapsa amachita khirichikhirichi mkati mwa dzungu lofewa ndipo sizimveka bwino mpang'ono pomwe. Adyo tizidutswa tiwiri tosinja tilowe kumapeto, theka la mphindi basi, fungo likangotuluka nde wapsa, akada amawawa. Ngati mumakonda ufa wa curry kapena paprika, theka la supuni yaing'ono, thirani limodzi ndi adyoyo kuti zikazingike mmafuta, zokometsera zaufa zimatulutsa fungo mmafuta otentha osati mu dzungu lonyowa.

Khuthulirani dzungu lopota mu panimo, osati anyezi mu dzungu, kuti litole zonse zomwe zamata pansi komanso liumenso pang'ono. Takasani mphindi ziwiri. Mchere yambani ndi kota ya supuni yaing'ono poti tinathirako kale poyamba, lawani, mutha kufika theka. Tsabola wakuda wopera kapena wowawa pang'ono malinga ndi pakamwa panu. Pomaliza, poto atachoka pa moto, finyirani madontho ochepa a mandimu, mwina theka la supuni yaing'ono. Simukufuna kuti mandimu amveke, mukungofuna adule kutsekemera kuja kuti lisakukoleni pakhosi mukadya masupuni angapo. Koma ngati mwasankha kuthira mkaka kapena kirimu mu la mchereli mandimu asiyeni, mkaka umadukaduka ukakumana ndi zowawasa pa moto. Tomato ndimamupewa apa chifukwa amabweretsanso madzi omwe tavutika kuchotsa aja, ngati mukumufuna ndithu mukazingeni ndi anyezi mpaka aphwe madzi onse mafuta aonekere.

Nthanga zija nde pano. Zikazingeni mu pani youma ndi kamchere mpaka ziyambe kuthetheka nkufiira, menyani makoko ngati ndi olimba, wazani pamwamba popereka. Chakudya chofewa chokhachokha chimatopetsa mkamwa, kanthu kokhukhuta pamwamba kamasintha zambiri.

Mchere ukachuluka, theka lina lija limapulumutsa ngati simunalithire kanthu, sakanizanimo pang'ono. Ngati mulibe, mbatata imodzi yophika yopota imachepetsa mchere komanso imalimbitsa dzungu lomwe lakana kuuma. Shuga samachotsa mchere, mumangopeza chinthu cha mchere wambiri chotsekemeranso.

Lotsala

Lisagone mpoto pa chitofu. Dzungu lopota ndi lonyowa, lofunda, lopanda asidi, tizilombo timaswana msanga mmenemo makamaka muli mkaka. Likhuthulireni mu kontena yosazama kuti lizizire mwachangu, lilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo lidyedwe mkati mwa masiku atatu kapena anayi. Popanda firiji phikani lokwana kudya tsiku lomwelo. Mawa lake mudzapeza timadzi tadikha pamwamba, si kuwonongeka, ingotsanulani kapena takasani potenthetsa. Lowonongeka limadziwika ndi fungo lowawasa, tithovu, kapena kunanda mukatapa ndi supuni, limenelo musalawe nkomwe.

Mufiriza limakhala miyezi itatu bwinobwino, koma sungani losathira zokometsera, lopota chabe, chifukwa likasungunuka limatulutsa madzi ambiri nde mudzafunika kuliumitsanso pa moto osavindikira kaye, batala, shuga kapena anyezi zibwere pambuyo pake ngati mmene tachitira apa. Potenthetsa moto ukhale waung'ono, muzitakasa mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni osati mmbali mokha, ndipo tenthetsani lokhalo lomwe mudye, lotsalalo likhalebe mufiriji.